Epusiloni ndi delita zidikire kaye, tiyambe takangana ndi manambala

Pali chiganizo chimodzi m'masamu a chaka choyamba ku yunivesite chimene chimachititsa anthu anzeru zawo kudziona ngati mbuli. Chimati: limiti ya f(x), pamene x ikupita ku a, ndi L ngati pa ε > 0 iliyonse pali δ > 0 yoti nthawi zonse pamene 0 < |x − a| < δ, ndiye kuti |f(x) − L| < ε. Zilembo ziwiri zachigirikizo ndi epusiloni ndi delita. Ophunzira ambiri amaloweza chiganizochi ngati vesi la ku Sande sukulu, n'kuchilemba pa mayeso, n'kuchiiwala. Ine ndimaphunzira za filosofi ndi mbiri, osati masamu, koma nkhaniyi imatikhudza ifenso, chifukwa amene anakakamiza akatswiri a masamu kufunafuna chiganizochi anali munthu wa filosofi.

Ambiri amavomereza kuti wophunzira ayenera kuyamba wakhala ndi chithunzi cha limiti m'mutu asanapatsidwe tanthauzo lokhwimali. Inenso ndikuvomereza. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mtundu wa chithunzicho. Chimene chimaperekedwa kawirikawiri, chakuti limiti ndi nambala imene timayandikirayandikira koma osaifika, n'chopotoka, ndipo ndicho chimachititsa kuti epusiloni ndi delita zioneke ngati zagwa kumwamba. Chilipo chithunzi china chabwino, chimene munthu angathe kuchigwira ndi manambala wamba m'masiku ochepa.

Tiyambe ndi mwala. Mwautaya m'chitsime chakuya, osauponya mwamphamvu, kungousiya. Tikapanda kuwerengera mpweya, mtunda umene mwalawo wagwa pakatha masekondi t ndi mamita pafupifupi 4.9t². Kuti masamu asatilemere, tinene kuti 5t². Pakatha sekondi imodzi wagwa mamita 5, pakatha masekondi awiri wagwa mamita 20. Funso ndi lakuti: pa nthawi yeniyeni imene sekondi yoyamba yakwana, mwalawo ukuthamanga pa liwiro lanji?

Liwiro timalipeza pogawa mtunda ndi nthawi. Ndiye titenge kanthawi kakang'ono kuchokera pa sekondi 1 kufika pa 1 + h, tione mtunda umene mwala wayenda m'kanthawiko, tigawe ndi h:

(5(1 + h)² − 5) / h

Ngati h ndi 0.1, mwala uli pa mamita 6.05, kutanthauza kuti wayenda mamita 1.05 m'kanthawiko, ndipo liwiro ndi mamita 10.5 pa sekondi. Ngati h ndi 0.01, yankho ndi 10.05. Ngati h ndi 0.001, yankho ndi 10.005. Tikayang'ana chakumbuyo, sekondi isanakwane, h = −0.1 ikupereka 9.5 ndipo h = −0.01 ikupereka 9.95. Aliyense akuona kuti manambalawa akuloza pa 10.

Koma ikani h = 0 muone. Pamwamba pakhala 5 − 5, ndiye kuti ziro, pansi pakhalanso ziro. Ziro kugawa ndi ziro si 10, si 1, si nambala iliyonse. M'kanthawi kopanda kutalika mwala suyenda mtunda uliwonse, ndipo palibe chogawa. Choncho pa malo enieni amene tikufuna yankho, njira yathu yangoti zii.

Wodziwa alijebura anena kuti vutolo n'losavuta. Tikamasula pamwambapo tipeza 10h + 5h², tikagawa ndi h tipeza 10 + 5h, tikaika h = 0 tipeza 10. Yankho lake n'loona. Koma taonani zimene wachita. Pogawa ndi h, ananena kuti h si ziro, pakuti sitigawa ndi ziro. Pa mzere wotsatira wanena kuti h ndi ziro. Apa ndi pamene George Berkeley, bishopu wa ku Ireland komanso katswiri wa filosofi, anagwira akatswiri a masamu pakhosi m'buku lake la 1734 lotchedwa The Analyst. Dandaulo lake silinali lakuti mayankho ndi olakwa. Ankati simungayambe umboni ponena kuti chinthu chilipo, n'kuumaliza ponena kuti kulibe, koma n'kusungabe zimene munapeza pamene chinalipo.

Leibniz anasindikiza njira yake ya kakyulasi mu 1684, ndipo buku lalikulu la Newton linatuluka mu 1687. Bolzano mu 1817 ndi Cauchy mu 1821 ndi amene anayamba kuika maziko olimba, koma chiganizo cha epusiloni ndi delita monga tikuchidziwira lero chinakhazikika m'maphunziro a Weierstrass ku Berlin cha m'ma 1860. Pakati pa Leibniz ndi Weierstrass pali zaka zoposa 170, ndipo m'zakazo Euler anagwira ntchito yake yonse yaikulu popanda chiganizochi. Anthu ena amatenga mbiriyi ngati umboni wakuti tanthauzo lokhwima n'losafunika. Ine ndikuona zosiyana. Mbiriyi ikuonetsa kuti tanthauzolo ndi yankho la funso limene linavutitsa anthu nthawi yaitali, ndipo yankho limakoma kwa munthu amene funsolo lamuluma. Kupatsa wophunzira epusiloni asanamve kuwawa kwa funso la Berkeley kuli ngati kumwetsa mankhwala munthu amene sakudwala.

Tsopano chithunzi chija cha kuyandikirayandikira. Yesani kuchigwiritsa ntchito pa mwala wathu. Manambala 10.5, 10.05, 10.005 akuyandikirayandikira 10, inde. Koma akuyandikirayandikiranso 9. Mtunda wochoka pa 10.5 kufika pa 9 ndi 1.5, wochoka pa 10.05 ndi 1.05, wochoka pa 10.005 ndi 1.005, ndipo ukunka nuchepa. Munthu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba, sitepe iliyonse ikumuyandikizitsanso ku Liwonde, koma si kumene akupita. Ngati kuyandikira kokha kukanakhala kokwanira, 9 ikanakhalanso limiti kuchokera mbali imeneyo. Chimene chikusiyanitsa 10 ndi 9 n'chakuti mpata wotsala kufika pa 10 ungachepe kuposa nambala ina iliyonse imene mungatchule, pamene mpata wofika pa 9 sudzatsika kupitirira 1.

Mbali yachiwiri, yakuti osaifika, ndi yoipa koposa. Tiyerekeze galimoto imene ikuyenda pa liwiro losasintha la makilomita 60 pa ola. Tengani kanthawi kalikonse, kakakulu kapena kakang'ono, liwiro lake ndi 60. Limiti ndi 60, ndipo sitikuyandikira 60 ayi, takhala tili pomwepo kuyambira pachiyambi. Wophunzira amene anauzidwa kuti limiti siifikidwa amayamba kukayikira chitsanzo chosavuta ngati chimenechi. Chimene sitilola kuti chifike ndi h, kuti isakhale ziro. Za yankho palibe lamulo loletsa. N'chifukwa chake sindikonda kumasulira limiti kuti malire. Malire ndi mzere umene suloledwa kuudutsa, pamene manambala athu angathe kufika pa limiti, kuidutsa, n'kubwereranso.

Kenaka pali tebulo la manambala, limene ndayamba nalo ine ndemwe. Tebulo ndi labwino poyambira, chifukwa limakupatsa nambala yoiganizira. Koma tebulo ndi mboni imene inaona zinthu zochepa, ndipo ingathe kunamiza bwalo popanda kunena bodza. Tengani fankishoni iyi: sin(π/x), ngodya ikuyezedwa m'maradiyani, pamene x ikupita ku ziro. Chofunika kudziwa n'chakuti sin imangoyendayenda pakati pa 1 ndi −1, ndipo imakhala ziro pa π, 2π, 3π, mpaka mtsogolo. Ikani x = 0.1, mupeza sin(10π), ziro. Ikani 0.01, mupeza sin(100π), ziro. Ikani 0.001, zironso. Tebulo likunena mokweza kuti limiti ndi ziro. Koma ikani x = 2/41, imene ndi pafupifupi 0.049, mupeza 1. Ikani 2/401, pafupifupi 0.005, mupezanso 1. Ikani 2/403, imene yangoyandikana nayo, mupeza −1. Mukamayandikira ziro fankishoniyi imakwera ndi kutsika mofulumirafulumira, osakhazikika paliponse. Ilibe limiti. Tebulo lija linangosankha malo amene inkadutsa pa ziro, monga munthu amene amafika pa msika Lachisanu lokhalokha n'kumanena kuti pamalopo pamakhala anthu tsiku lililonse.

Mwina muganiza kuti mankhwala ake ndi kupatsa kompyuta manambala ang'onoang'ono kwambiri. Yesani mwala wathu womwewu mu Python:

```
h = 1e-17
print((5*(1+h)**2 - 5)/h)
```

Yankho limene lituluke ndi `0.0`, osati 10. Kompyuta imasunga manambala otere ndi madijiti pafupifupi 16 okha, choncho ikaphatikiza 1 ndi kanambala kakang'ono chotere imangoona 1. Pamwamba pamakhala 5 − 5, ndipo zonse zimathera pomwepo. Chizindikiro chakuti izi zikuchitika n'chakuti manambala amene amayenda bwinobwino kulowera pa 10 amayamba kudumphadumpha h ikachepa kwambiri, kenaka n'kugwera pa ziro mwadzidzidzi. Vuto si la mwala, ndi la makina.

Nanga chithunzi chabwinocho ndi chiti? Ndi mkangano wa anthu awiri, monga poponyerana ndagi: wina aponya, wina ayankha. Woyamba timutche wonena. Iye akuti liwiro la mwala pa sekondi 1 ndi 10. Wachiwiri ndi wotsutsa, munthu wa mtima wa Berkeley. Wotsutsa safunsa ngati tikuyandikira. Amatchula nambala. Akuti: ndikufuna kuti yankho lako lisasiyane ndi 10 kuposa 0.1, likhale pakati pa 9.9 ndi 10.1. Ntchito ya wonena ndi kutchula kukula kwa h kumene kungatsimikizire zimenezo, osati pa h imodzi yokha ayi, koma pa h iliyonse yosakhala ziro imene ili m'kati mwa mpata umene watchulawo.

Apa alijebura ija ikugwira ntchito yoyera, popanda chinyengo. Malinga ngati h si ziro, liwiro ndi 10 + 5h, ndipo kusiyana kwake ndi 10 ndi 5h. Wotsutsa akufuna kuti kusiyanaku kuchepere 0.1. Wonena agawa 0.1 ndi 5, apeza 0.02, ndipo ayankha kuti: tenga h iliyonse pakati pa −0.02 ndi 0.02, kupatula ziro. Wotsutsa ayesa h = 0.015, apeza 10.075, ili m'kati. Ayesa h = −0.019, apeza 9.905, ilinso m'kati. Ndiye akhwimitsa: tsopano ndikufuna 0.001. Wonena agawanso ndi 5 n'kuyankha kuti 0.0002. Pakatha maulendo atatu kapena anayi, aliyense m'kalasi waona chinsinsi: nambala iliyonse imene wotsutsa angatchule, wonena angoigawa ndi 5. Wotsutsa sangapambane, ngakhale atakangana mpaka mawa. Kunena kuti limiti ndi 10 kukutanthauza zimenezi basi, kuti wonena ali ndi yankho pa nambala iliyonse imene wotsutsa angatchule.

Onani kuti h sinakhalepo ziro pa mkangano wonsewu. Ndiye dandaulo la Berkeley layankhidwa popanda kuzemba. Sitinanene kuti kanthawi kaja kalipo komanso kulibe. Kalipo nthawi zonse, ndipo 10 ndi nambala yokhayo imene mayankho onse angapanikizidwe mozungulira iyo mothina monga mmene munthu angafunire.

Kuti ndi yokhayo, tikhoza kuyesa. Ichi ndi chinthu chimene ndikanakonda kuti chizichitika m'kalasi kwambiri kuposa china chilichonse: kupatsa wophunzira yankho lolakwa pang'ono n'kumuuza kuti aligwetse. Wonena watsopano akuti limiti ndi 10.01. Wotsutsa akatchula 0.1, wonenayu apulumuka, chifukwa h ikakhala yaing'ono mayankho ali pakati pa 9.91 ndi 10.11. Wotsutsa wochenjera ayang'ana kusiyana kwa 10.01 ndi 10, kumene ndi 0.01, n'kutchula theka lake, 0.005. Tsopano mayankho ayenera kukhala pakati pa 10.005 ndi 10.015. Wonena angaloze h = 0.002, imene ikupereka 10.01 ndendende, koma h imodzi siyokwanira. Mpata uliwonse umene angatchule mozungulira ziro, mudzakhala h yaing'ono ngati 0.0001, kapena yocheperapo, imene ikupereka 10.0005, kunja kwa zimene anapemphedwa. Wagonja. Wophunzira amene wagwetsa 10.01 ndi manja ake samafunsanso chifukwa chake tanthauzo limati epusiloni iliyonse, osati epusiloni ina yake yaing'ono.

Fankishoni yonyenga ija, sin(π/x), imagwa mwa njira yomweyo, ndipo imagwa msanga. Wonena akati limiti ndi ziro, wotsutsa atchula 0.5. Mpata uliwonse mozungulira ziro uli ndi malo amene fankishoniyi ikufika pa 1, choncho palibe yankho. Akasintha n'kunena nambala ina, sizithandiza, pakuti palibe nambala imene ili pafupi ndi 1 komanso pafupi ndi −1 pa mtunda wochepera 0.5.

Si nthawi zonse pamene yankho limakhala losavuta ngati kugawa ndi 5. Tengani x² pamene x ikupita ku 3, wotsutsa n'kupempha kuti tisasiyane ndi 9 kuposa 0.1. Mukayesa 0.02, mulephera, chifukwa 3.02² ndi 9.1204. Mukayesa 0.016, zitheka: 3.016² ndi pafupifupi 9.096, ndipo 2.984² ndi pafupifupi 8.904. Mnzanu amene wayankha kuti 0.01 wakhozanso, ngakhalenso amene wati 0.001. Zimenezi zimadabwitsa anthu amene anakula ndi masamu a yankho limodzi lolembedwa kumapeto kwa buku. Mpata ukagwira ntchito, wina uliwonse wocheperapo ugwiranso, ndipo palibe amene akupempha waukulu koposa.

Chinthu chimene ife a zilankhulo ndi filosofi timachiona msanga mu mkanganowu ndi dongosolo la kulankhula. Wotsutsa ndiye amayamba, wonena n'kuyankha atamva. Yerekezani ziganizo ziwiri izi: munthu aliyense ali ndi mayi wake, ndi chakuti pali mayi mmodzi amene anabala munthu aliyense. Mawu ake ndi ofanana, koma choyamba n'choona ndipo chachiwiri n'chabodza. N'chimodzimodzinso ndi limiti. Tikatembenuza, kuti wonena ayambe watchula mpata wake kenaka wotsutsa atchule nambala iliyonse, mwala wathu womwe ulephera, chifukwa ngati wonena wati 0.02, wotsutsa angopempha 0.001 n'kuloza h = 0.01. Woloweza amatha kusinthanitsa mbali ziwirizi osazindikira kuti wanena zina. Amene anakhalapo wotsutsa ndi wonena sangazisokoneze, chifukwa akukumbukira amene ankayamba kulankhula.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Choyamba, akuti mkangano umenewu ndi epusiloni ndi delita zomwezo, zangovula zilembo. Ndikuvomera, ndipo ndicho chifukwa chake ndikuukonda. Chithunzi cha kuyandikirayandikira chimafunika kuchifufuta tanthauzo lokhwima likafika, pamene ichi chimangofunika kuchipatsa maina. Nambala ya wotsutsa ndi ε. Yankho la wonena ndi δ. Pa mwala wathu, δ = ε/5. Mawu akuti 0 < |x − a| ndi lamulo lija lakuti h isakhale ziro. Chiganizo choopsa cha poyamba chija chasanduka lipoti la zimene munthu wachita kale kangapo.

Chachiwiri ndi nthawi. Semesita ndi yaifupi, makalasi a chaka choyamba ndi odzaza, ndipo mphunzitsi ali ndi mitu yambiri yoti amalize. Dandauloli ndi lenileni, ndipo sindikulipeputsa. Koma zimene ndafotokozazi sizifuna labu kapena kompyuta. Zimafuna anthu awiri, pepala, ndi maola awiri kapena atatu, ndipo zingachitike m'kagulu ka zokambirana madzulo popanda mphunzitsi. Nthawiyo imabwezedwa mtsogolo, chifukwa mkangano womwewu ndi umene umabweranso pa nkhani ya fankishoni zosaduka ndi pa mindandanda ya manambala yopanda mathero.

Chachitatu chimachokera mbali ina: akuti wophunzira uinjiniya kapena zachuma safunikira zonsezi, bola adziwe malamulo owerengera. Apa ndikugwirizana nawo theka. Si aliyense ayenera kulemba umboni wa epusiloni ndi delita wa fankishoni zovuta. Koma munthu amene adzakhulupirira nambala yotuluka mu kompyuta ayenera kudziwa kuti tebulo lingathe kunama, ndipo ayenera kukhala ndi funso loti afunse likanama. Funsolo ndi la wotsutsa: ngati ndikufuna kuti ndisaphonye kuposa apa, ndiyenera kusamala kufika pati? Amisiri amafunsa funso lomweli tsiku lililonse, ngakhale satchula dzina la Weierstrass.

Mkanganowu uli ndi pamene umalekera, ndipo ndi bwino kunena. Sukuuzani limiti. Umangoyesa nambala imene mwabwera nayo. Pa mwala uja, 10 tinaipeza kuchokera m'tebulo ndi mu alijebura, mkangano n'kungotsimikizira. Choncho sindikunena kuti matebulo ndi magalafu atayidwe. Ayambe ndi iwo, apereke nambala yoiganizira, kenaka nambalayo ikumane ndi wotsutsa. Ndipo pali ma fankishoni amene kupeza yankho la wonena kumafuna luso la alijebura loposa la chaka choyamba, kotero kuti masamu enieni sabwerera ku mkanganowu pa limiti iliyonse. Amautsimikizira kamodzi pa malamulo akuluakulu, monga lakuti limiti ya zinthu ziwiri zophatikizidwa ndi kuphatikiza malimiti awo, kenaka n'kumagwiritsa ntchito malamulowo. Umboni wa lamulo limenelo ndi mkangano womwe uja: wotsutsa akatchula 0.1, wonena amagawa pakati, kupempha 0.05 ku fankishoni yoyamba ndi 0.05 ku yachiwiri, n'kutenga mpata wocheperapo pa iwiri imene walandira.